Gulu lofunsana malamulo a pamsewu likamangotaya nthawi: mavuto ake ndi kakonzedwe kake

Dandaulo lake limakhala lomwelo, kaya gulu limakumana ku Ndirande, ku Zingwangwa kapena ku Bangwe. Anthu agwirizana kuti Loweruka lililonse azifunsana Haiwe Kodi pokonzekera mayeso a ku Rodi Trafiki ku Ginnery Corner. Akumana maola awiri, koma pobalalika n'kupeza kuti mafunso omwe ayankhidwa bwinobwino sanakwane khumi. Ena akapita kukalemba, akubwerako atalephera zinthu zomwe pagulu ankaoneka ngati akuzidziwa.

Gwero la mavuto ambiri ndi limodzi. Pamayeso munthu amakhala yekha pakompyuta, ndipo yankho liyenera kuchokera m'mutu mwake. Choncho mphindi iliyonse imene membala wa gulu akungomvetsera ena, osayankha yekha, ndi mphindi yotayika kwa iye.

## Poyambira: gulu loyenda bwino limaoneka bwanji

Musanafufuze vuto, yerekezani gulu lanu ndi ili:

- Anthu anayi kapena asanu, osapitirira asanu ndi mmodzi.
- Ola limodzi: mphindi 10 kubwereza zomwe zinalakwika sabata yatha, mphindi 30 mafunso atsopano 20, mphindi 15 kujambula mphambano imodzi ndi kuikambirana, mphindi 5 kugawana mitu ya sabata yamawa.
- Maudindo atatu osinthana sabata ndi sabata: wofunsa, wosunga nthawi, ndi wolemba zolakwika m'kope la gulu.
- Buku limodzi la Haiwe Kodi ya ku Malawi lomwe onse avomereza kuti ndilo lodula mlandu.

Mafunso 20 m'mphindi 30 ndiye kuti funso lililonse lili ndi mphindi imodzi ndi theka. Nthawi imeneyi ndi yokwanira kuwerenga funso, kuyankha, ndi kumva chifukwa chake m'chiganizo chimodzi kapena ziwiri.

## Vuto loyamba: nthawi yatha, mafunso ayankhidwa ochepa

Kuti mutsimikize, wolemba aike kamzere papepala pa funso lililonse lomwe latha. Ngati pa ola limodzi timizere sitinakwane 15, onani zifukwa izi, kuyambira chofala kwambiri.

1. Mafunso akupangidwira pomwepo. Wofunsa watsegula buku, akutembenuza masamba kufuna choti afunse, ena onse ali chete kudikira. Apa ndi pamene nthawi yambiri imathera ngakhale sizionekera. Aliyense azibwera ndi mafunso asanu olembedwa kale pa timapepala, funso kutsogolo, yankho ndi nambala ya tsamba la buku kumbuyo. Wobwera chimanjamanja aziyankha nawo, koma asapatsidwe mpata wofunsa.

2. Kudikira ochedwa. Minibasi yochokera ku Chirimba ikhoza kuchedwa kudzaza, ndi zoona, koma anthu atatu akakwana yambani. Wochedwa alowe pa funso lomwe wapeza, ndipo musamubwerezere zam'mbuyo. Adzaziona m'kope.

3. Kufotokoza ngakhale zomwe onse akhoza. Ngati onse apeza yankho, pitani pa funso lina. Kufotokoza kusungidwire funso lomwe wina walakwa.

4. Nkhani. Funso la liwiro limadzutsa nkhani ya mmene achimwene awo a uje anagwidwira ndi apolisi a pamsewu, ndipo nkhaniyo imabala inzake. Wosunga nthawi akhale ndi mphamvu yonena kuti, "Achimwene, imeneyo tiimva tikamaliza." Mugwirizane zimenezi pa tsiku loyamba kuti pasadzakhale wokhumudwa. Mafoni onse akhale pamalo amodzi kupatula yosungira nthawi.

## Vuto lachiwiri: mkangano wosatha pa funso limodzi

Ili ndilo vuto lomwe limapha magulu ambiri, ndipo ndi loopsa kuposa ena chifukwa wopambana mkangano nthawi zambiri amakhala wa mawu okwera, osati wolondola. Gulu lonse limachoka litaloweza bodza.

Lamulo lothandiza ndi ili: mkangano ukafika mphindi ziwiri, buku litsegulidwe. Yankho likapanda kupezeka m'mphindi ina imodzi, funso lilembedwe kumapeto kwa kope pa tsamba la zokafunsa aphunzitsi, gulu lipitirire. Zoyambitsa mkangano ndi izi.

1. Kuyankha potengera zomwe timaona mumsewu. Tonsefe tinaphunzira msewu tili pampando wa minibasi, ndipo zomwe timaona tsiku ndi tsiku pakati pa Limbe ndi Blantyre sizikhala zonse zovomerezeka. Mudzadziwa kuti vuto ndi limeneli wina akayamba ndi mawu akuti "koma madalaivala onse amatero". Wofunsa azifunsa kuti "lamulo likuti chiyani", ndipo woyankha aloze tsamba.

2. Funso ndi lopelewera. Anthu awiri akhoza kukhala olondola onse chifukwa aliyense ali ndi chithunzi chake m'mutu. Njira yake ndi kujambula, monga ndasonyezera m'munsimu.

3. Mabuku ndi osiyana. Wina akuwerenga buku la kusukulu yoyendetsa galimoto, wina mafunso a pafoni ochokera kunja. Kuno timayenda kumanzere kwa msewu. Mafunso a maiko omwe amayenda kumanja amatembenuza zonse za kupitirira galimoto ina, kukhota ndi kulowa raundabauti. Ngakhale a maiko oyenda kumanzere ngati ife akhoza kusiyana nafe pa manambala ndi pa zikwangwani zina. Mukaona liwiro lolembedwa m'mamailosi, kapena chithunzi cha galimoto zoyenda kumanja, mafunso amenewo achotseni pagulu.

4. Buku silinanenepo kanthu. Izi sizichitika kawirikawiri, ndipo gulu silingazithetse palokha.

### Chitsanzo: ndani ayambe pa raundabauti

Tiyerekeze kuti wofunsa wati: "Wafika pa raundabauti ngati ya pa Clock Tower, galimoto ina ikubwera. Ayambe ndani?" Mmodzi akuti wa kumanja. Wina akuti amene wafika poyamba. Wachitatu akuti amene ali mumsewu waukulu. Wachinayi akuti m'mawa pamakhala wapolisi, ndiye funso lilibe ntchito. Mkangano wotere ukhoza kudya theka la ola.

Vuto lili m'funso. Galimoto inayo ikubwera kuchokera kuti? Yalowa kale kapena ayi? Kumanja kwa ndani?

Tengani pepala lalikulu, jambulani bwalo ndi misewu inayi yolowamo, ndipo muilembe 1, 2, 3, 4 motsata mmene mivi ya wotchi imayendera. Zitsekerero za mabotolo zikhale galimoto. Choyamba gwirizanani kuti magalimoto amazungulira bwalo motsata mivi ya wotchi, popeza timayenda kumanzere. Ikani chitsekerero chanu pa msewu 1, chikuyang'ana bwalo. Aliyense aone yekha kuti galimoto yomwe ingakugundeni polowa imachokera kudzanja lanu lamanja. Ndiye chifukwa chake lamulo limati wolowa apereke mpata kwa magalimoto ochokera kumanja kwake omwe akuzungulira kale. Kukula kwa msewu womwe mwachokera sikusintha zimenezi.

Tsopano funso limodzi lija ligaweni kukhala mafunso anayi, aliyense ayankhe payekha:

- Muli pa msewu 1, galimoto ili m'bwalo ikuyandikira kuchokera kumanja kwanu. Mudikira ndinu.
- Muli pa msewu 1, galimoto ina yaima pa msewu 2, womwe uli kumanzere kwanu, ndipo kumanja kwanu kulibe kanthu. Lowani. Iyeyo ndiye akudikirani, chifukwa kwa iye mukuchokera kumanja.
- Mukufuna kutulukira msewu 4, kutanthauza kukhotera kumanja. Yandikirani mutayatsa indiketa ya kumanja, muli mu mzere wa kumanja ngati mizere ilipo iwiri. Mukadutsa msewu 3, yatsani ya kumanzere posonyeza kuti mukutuluka.
- Wapolisi wa pamsewu akuwongolera magalimoto ndipo wakukodolani kuti mulowe pamene kumanja kwanu waimitsa. Tsatirani wapolisi, pakuti chizindikiro chake chimaposa zikwangwani ndi maloboti.

Muona kuti atatu mwa okangana aja anali ndi kachidutswa ka choonadi. Wa "kumanja" analondola koma sananene kumanja kwa ndani. Wa wapolisi analondola pa nthawi yomwe wapolisi alipo. Wa "wofika poyamba" anatenga lamulo la pa mphambano yomwe misewu yonse ili ndi chikwangwani cha STOP n'kulibweretsa pa raundabauti. Wolemba alembe m'kope kusokoneza kumeneku momwe kulili, kuti sabata yamawa mafunso awiriwa adzafunsidwe motsatizana. Ntchito yonseyi imakwana m'mphindi 15 zija.

Pepala lomwelo limagwiranso ntchito pa kukhotera kumanja pa mphambano ya maloboti, pomwe wokhota amadula njira ya magalimoto ochokera kutsogolo ndipo ayenera kuwadikira.

## Vuto lachitatu: oyankha ndi omwewomwewo

Muone m'kope. Ngati pali dzina lomwe lilibe cholakwa chilichonse kwa masabata awiri pamene mwini wake salankhula pagulu, munthuyo sakuyesedwa.

1. Mayankho akufuulidwa. Wofulumira akayankha, ena amangogwedeza mutu, ndipo m'mitima mwawo amakhulupirira kuti nawonso akanayankha chomwecho. Konzani motere: funso lililonse likhale ndi mayankho atatu, A, B, C. Wofunsa awerenge kawiri, adikire masekondi 20, aliyense alembe chilembo chake, kenako onse aonetse nthawi imodzi. Akasiyana, woyamba kufotokoza akhale amene walakwa, anene mmene anaganizira. Pamenepo ndi pomwe mumagwira muzu wa cholakwa.

2. Ulemu ndi manyazi. Pagulu pakakhala alamu, abwana a kuntchito kapena munthu wachikulire, achinyamata amaopa kuwatsutsa, ndipo achikulirewo amaopa kulakwa pamaso pa ana. Kulemba mayankho kumachepetsa zonsezi, pakuti wotsutsa amakhala buku. Wofunsa anene mwaulemu kuti, "Bambo, tsamba ili likunena zina, tawerengani timve."

3. Pali mmodzi yemwe amayendetsa kale galimoto. Ameneyu amasanduka mphunzitsi, gulu n'kukhala kalasi. Ndi wothandiza pa gawo lojambula, koma pa mafunso ayankhe polemba ngati wina aliyense. Amene wayendetsa nthawi yaitali amakhala ndi zizolowezi zina zomwe sizili m'buku.

4. Gulu lakula. Mukakwana asanu ndi atatu, gawanani magulu awiri, muzisinthana timapepala ta mafunso.

## Vuto lachinayi: pagulu onse akukhoza, payekha akulephera

Yesani izi kamodzi pa masabata awiri. Munthu mmodzi akonze mafunso 30 osakaniza mitu yonse, omwe ena sanawaone. Onse alembe mwakachetechete kwa mphindi 30, mabuku atatsekedwa. Gulu lidziikire muyezo wake wokwera, mwachitsanzo 27 pa 30, kuti pa tsiku lenileni mantha akadya zina munthu atsalebe pabwino. Ngati zotsatira zatsika kwambiri poyerekeza ndi za pagulu, zifukwa zake ndi izi.

1. Mwaloweza timapepala, osati malamulo. Funso likafunsidwa ndi mawu omwewo katatu, munthu amazindikira yankho asanamalize kumva funso. Sakanizani timapepala nthawi zonse, sinthani malo a yankho lolondola, ndipo funsani chinthu chimodzi mbali ziwiri: lero onetsani chikwangwani munthu anene tanthauzo, sabata yamawa nenani tanthauzo munthu ajambule chikwangwani.

2. Zikwangwani mukuziloweza chimodzichimodzi. Ndi zambiri, ndipo mutu umazisakaniza. Yambani ndi mitundu yake, chifukwa maonekedwe ndi mtundu zimanena kale theka la yankho:

- Cha makona atatu choloza m'mwamba, cha mkombero wofiira, chimachenjeza za zomwe zili kutsogolo.
- Chozungulira cha mkombero wofiira chimaletsa kapena kuika malire.
- Chozungulira chabuluu chimalamula choti uchite.
- Chokhala ndi chikasu m'kati ndi cha kanthawi, monga pomwe akukonza msewu, ndipo chiyenera kumveredwa chimodzimodzi.

Mukatero, funsanani zikwangwani zofanana ziwiriziwiri, chifukwa ndi pamene anthu amagwera. Nambala 60 m'kati mwa mkombero wofiira ikutanthauza kuti usapitirire makilomita 60 pa ola. Nambala yomweyo pa chozungulira chabuluu ikutanthauza kuti usatsike pansi pa liwiro limenelo. Chilembo P chodulidwa ndi mzere wofiira chimaletsa kupaka galimoto, pamene S wodulidwa amaletsa ngakhale kuima kwa kanthawi kotsitsa munthu. Pa STOP, chikwangwani cha makona asanu ndi atatu, mateyala ayenera kuimiratu ngakhale msewu uli mbee. Pa cha makona atatu choloza pansi umapereka mpata, ndipo ngati kulibe chobwera sukakamizidwa kuima. Mizere ya pansi ichitidwenso chimodzimodzi: mzere woyera wosadukiza pakati pa msewu suyenera kudumphidwa popitirira galimoto ina, wodukizadukiza umalola ngati kutsogolo kuli bwino. Pomwe iwiriyi yagundizana, umayang'ana womwe uli mbali yako.

Pochoka pagulu, wokwera minibasi ya mumsewu wa Masauko Chipembere aziyesa kutchula mumtima chikwangwani chilichonse asanachidutse. Chomwe chamukanika achijambule, adzabwere nacho ngati limodzi mwa mafunso ake asanu.

3. Zolakwika sizibwereranso. Funso lolakwika limafotokozedwa, onse n'kuti tamva, basi osadzalionanso. Timapepala tigawidwe m'maenivelopu atatu. Yoyamba ndi ya mafunso omwe wina walakwa, ndipo amafunsidwa pa mkumano wotsatira. Onse akakhoza, pepala lipite mu yachiwiri, yofunsidwa pakatha masabata awiri. Akakhozanso lipite mu yachitatu, yodikira mayeso oyeserera aja. Wina akalakwa pa gawo lililonse, pepala libwerere mu yoyamba.

4. Chilankhulo. Gulu limakambirana m'Chichewa, ndipo ndi bwino kutero kuti zimveke. Koma ngati buku lanu ndi la Chingerezi ndipo mudzalemba m'Chingerezi, funso liziwerengedwa monga linalembedwera, kufotokoza kokha ndiko kukhale m'Chichewa. Samalani ndi mafunso ofunsa chomwe sichiloledwa, chifukwa wothamanga amasankha chololedwa.

## Vuto lachisanu: manambala akusokonekera

Chofala ndi chakuti aliyense ali ndi nambala yake yomwe anamva kwa wina. Malire a liwiro, mitunda yoyenera kusiya poimika galimoto, ndi kulemera kwa galimoto yololedwa pa laisensi iliyonse zitengedwe m'buku lokha. Zilembeni pa tsamba limodzi la kope pamodzi ndi nambala ya tsamba lomwe mwazitenga. Nambala yopanda tsamba isalowe m'mafunso.

Chachiwiri ndi kuloweza nambala osaiona m'maso. Tengani mpata wa masekondi awiri womwe umalimbikitsidwa pakati pa galimoto yako ndi ya kutsogolo. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola, galimoto imayenda mamita 60,000 m'masekondi 3,600, omwe ndi pafupifupi mamita 17 pa sekondi. Masekondi awiri ndi mamita pafupifupi 33. Tulukani panja muyeze mtundawo ndi mapazi kamodzi kokha. Amene wauona sadzavutikanso kumvetsa chifukwa chake mpatawo uyenera kukula mvula ikamagwa, pamene mateyala sagwira bwino phula.

## Vuto lachisanu ndi chimodzi: anthu akuchepa sabata ndi sabata

- Palibe tsiku lomaliza. Gulu lopanda malire limazilala. Gwirizanani masabata asanu ndi limodzi, mitu igawidwe kuyambira pachiyambi.
- Mtengo wa mayendedwe. Wochokera ku Machinjiri sangamalipire minibasi ziwiri kupita ku Chilomoni sabata iliyonse. Sankhani malo apakati, kapena gulu likhale la anthu a dera limodzi.
- Wina watsalira ndipo akuchita manyazi. Mupatseni mnzake mmodzi woti azifunsana naye mafunso asanu pafoni pakati pa sabata.

## Pamene gulu liyenera kuima ndi kufunsa odziwa

Pitani kwa aphunzitsi a sukulu yovomerezeka yoyendetsa galimoto ngati buku silikuyankha, ngati mabuku awiri a ku Malawi akutsutsana, kapena ngati funso labwerera mu enivelopu yoyamba katatu. Funso lobwererabwerera limasonyeza kuti mafotokozedwe a gulu ndiwo ali ndi vuto. Sonkhanitsani mafunso otere, mmodzi apite nawo onse pamodzi ndipo alembe mayankho pomwepo.

Pitani nokha ku ofesi ya Rodi Trafiki pa nkhani ya malipiro, zikalata zofunika, mtundu wa laisensi woyenera galimoto yomwe mukufuna kuyendetsa, ndi kalembedwe ka mayeso. Izi zimasintha, ndipo zomwe anachita mnzanu kalekale mwina sizili choncho lero. Madobadoba olonjeza njira yachidule kapena mapepala a "mafunso enieni" asapatsidwe malo pagulu. Laisensi yopezeka mwachinyengo ndi mlandu, ndipo mwini wake adzakumanabe ndi raundabauti ija asakudziwa woyamba ndani.

Pitani kukayezetsa maso ngati wina amakhoza chikwangwani chili m'manja koma amalephera chikakhala patali pang'ono, kapena amasokoneza chofiira ndi chobiriwira. Kubwereza mafunso sikungathetse zimenezo.

Musasandutse gululi sukulu yoyendetsa. Mmodzi akabwereka galimoto, chiyeso chimabwera choti mukayeserere pa bwalo la mpira kapena m'misewu ya m'makwalala, momwe ana amasewera. Kukhoza mafunso 30 sikuphunzitsa phazi kuponda buleki. Wophunzira asagwire chiwongolero pamsewu asanatenge chiphaso cha wophunzira, ndipo ngakhale atatenga, pambali pake pakhale munthu wa laisensi yoyenera galimotoyo.